Katundu Akachedwa, Werengani Masiku Musanapepese

Wamalonda wa kuno kwathu akaona kuti tsiku limene analonjeza lakwana koma katundu sanathe, kawirikawiri amathawira kumodzi mwa malo awiri. Wina amazimitsa foni, ndipo akayatsa amangoti "mawa, bwana, mawa ndithu," mpaka mawawo kukwana sabata zitatu. Wina amachita kugwa pansi ndi mapepeso. Amavomera chilichonse chimene wauzidwa, amalonjeza kuchotsera mtengo asanagwire n'komwe cholembera, ndipo dzuwa likamalowa amakhala atapereka phindu lonse la ntchito ya miyezi iwiri chifukwa choopa kukalipiridwa. Woyambayo kasitomala amamuthawa. Wachiwiriyo kasitomala amakhala naye ndithu, koma ndi kasitomala amene waphunzira kuti akangokweza mawu mtengo umatsika.

Chimene chimapulumutsa munthu pamenepa ndi kalata ya tsamba limodzi, yovomera kulakwa kumene kuli kwako mosabisa, n'kukana mwaulemu kumene sikuli kwako. Kulemba kwake sikuvuta. Chovuta ndi ntchito imene imayamba kalatayo isanalembedwe, yomwe ndi kuwerenga masiku ochedwawo limodzilimodzi ndi kudziwa mwini wake wa tsiku lililonse. Amene sanawerenge amapepesa mopitiriza muyeso kapena kukana mopitiriza muyeso, chifukwa iye mwini sakudziwa pamene mlandu wake ukuyambira ndi pamene ukuthera.

Tiyerekeze ndi kalipentala amene ali ndi shedi yake ndi anyamata angapo. Pa 1 Julayi anasainirana mgwirizano ndi sukulu ina yoyima payokha kuti akhome madesiki 120 okhala ana awiriawiri, a miyendo yachitsulo ndi pamwamba pa thabwa la paini. Desiki imodzi ndi K85,000, ndiye kuti ntchito yonse ndi K10,200,000. Anagwirizana kuti sukulu ipereka dipoziti ya K6,120,000 pofika pa 8 Julayi, madesiki onse afika pa 29 Ogasiti, ndipo ndalama yotsala idzaperekedwa pasanathe masiku 14 katundu yense atafika. Mumgwirizanomo munalinso mfundo ziwiri zimene ambiri amazidumpha posaina. Yoyamba inati dipoziti ikachedwa, tsiku lopereka madesiki lisuntha ndi masiku omwewo. Yachiwiri inati kalipentala akachedwa, achotsa K2 pa K100 iliyonse ya mtengo wa madesiki ochedwawo, pa sabata iliyonse yochedwa.

Zinthu sizinayende monga mwa pepala. Madesiki 80 anafika pa 5 Sepitembala, ndipo 40 a ana aang'ono anali asanathe pamene sukulu inkatsegulira. Pa 10 Sepitembala kunabwera mlendo amene ankafuna kuthandiza sukuluyo ndi K5 miliyoni, n'kupeza ana a sitandade 1 ndi 2 ali pasimenti. Anabwerera ndi ndalama zake. Mawa lake ahedi analemba kalata yamoto: madesiki achedwa, sukulu yachita manyazi, thandizo lapita, choncho K4,080,000 yotsala ija kalipentala aiiwale.

Munthu akalandira kalata yotere magazi amathamanga, ndipo zala zimafuna kuyankha pompo pa WhatsApp. Ayi, foni ikhale kaye pansi. Atulutse mapepala anayi: mgwirizano, pepala la kubanki losonyeza tsiku limene dipoziti inalowa, mauthenga onse amene analemberana ndi sukulu, ndi pepala limene asukulu anasainira polandira madesiki 80 aja. Akayang'ana mosakondera, kalipentala wathu akupeza kuti madesiki otsalawo angathe kufika pa 19 Sepitembala. Kuchokera pa 29 Ogasiti, amenewo ndi masiku 21. Funso ndi lakuti masiku 21 amenewa ndi a yani.

Dipoziti inalowa pa 15 Julayi m'malo mwa pa 8. Masiku 7 amenewo ndi a sukulu, ndipo mgwirizano ukunena choncho. Izi zikutanthauza kuti madesiki 80 amene anafika pa 5 Sepitembala sanachedwe ngakhale ndi tsiku limodzi, ngakhale ahedi akuwawerengera pamlandu womwewo. Kenako pa 11 Ogasiti sukulu inapempha kuti madesiki 40 afupikitsidwe kuti ana aang'ono azifikira. Miyendo inali itawotchereredwa kale, ndiye panafunika kudula ndi kuwotchereranso. Mwayi wa kalipentalayu ndi wakuti tsiku lomwelo anayankha molemba kuti "zitheka, koma zitiwonjezera masiku anayi," ahedi n'kuyankha kuti palibe vuto. Akanangovomera pakamwa, lero masiku anayiwo akanakhala ovuta kuwateteza, chifukwa pamkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Choncho tsiku loyenera la madesiki 40 aja linasuntha kufika pa 9 Sepitembala.

Atsala masiku 10, ndipo apa ndi pamene munthu amayesedwa kuti aname. Masiku 6 anapita chifukwa cha matabwa. Matabwa ouma atamuthera, kalipentala anagula paini wongocheka kumene chifukwa anali wotsikirako mtengo. Mmisiri aliyense amalidziwa thabwa lauwisi: limalemera, limazizira ukaligwira, ndipo popala zipalo zake zimamatirira m'malo mouluka. Iye anaona zonsezi koma anati zipita. Pofika pa 2 Sepitembala pamwamba pa madesiki panayamba kupindika, pena kung'aluka motsatira misomali, vanishi n'kuchita mbuu. Anazula matabwa onse n'kuyamba kusaka ouma kwa wogulitsa wina. Masiku 4 enawo anapita ndi kuzima kwa magetsi, makina owotcherera ndi opalira atangokhala.

Ambiri angavomere za matabwazo koma za magetsi n'kukankhira kwina. Ine ndikuona kuti masiku anayiwa ndi a kalipentala yemweyo. Chimene chimachotsa munthu pamlandu ndi chinthu chimene sakanatha kuchiganizira posaina, ndiponso chimene analibe njira yochizembera. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, amene anali atasaina mgwirizano sabata yapitayo anali ndi ponena. Koma amene anasaina miyezi ingapo pambuyo pake, dziko lonse likudziwa kuti magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, sakanatha kunena kuti mdima wamudzidzimutsa. Anayenera kuika masiku owonjezera polonjeza, kapena kuwerengera jenereta pamtengo. N'chimodzimodzi ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: lole imene inatsekeredwa chifukwa mlatho wakokoloka ili ndi chifukwa chomveka, pamene lole imene inanyamuka mochedwa chifukwa mwini wake anagwiritsa ntchito ina ndalama ya mafuta ilibe, ngakhale mvula inagwa pa onse awiri. Oitanitsa katundu kudzera ku Beira amadziwanso kusiyana kwake. Katundu akaima pachipata cha Mwanza chifukwa wokukonzerani mapepala a msonkho analakwitsa, kwa kasitomala wanu kulakwako ndi kwanu, poti munthuyo munamusankha ndinu. Mukakambirane naye kumbali.

Ndiye masamu atha: masiku 11 a sukulu, masiku 10 a kalipentala. Madesiki 40 mtengo wake ndi K3,400,000. Masiku 10 ndi sabata imodzi ndi masiku atatu, ndipo kalipentala wanzeru sachita nawo makani masiku atatuwo, amangowerenga sabata ziwiri zathunthu. K2 pa K100 iliyonse kwa sabata ziwiri ikupereka K136,000. Tsopano akhoza kukhala pansi n'kulemba, ndipo kalata yake ya pa 12 Sepitembala ingamveke motere, pansi pa keyala ndi tsiku:

Okondeka Bambo,

KUCHEDWA KWA MADESIKI 40 A MGWIRIZANO WA PA 1 JULAYI

Ndalandira kalata yanu ya pa 11 Sepitembala. Madesiki 40 a ana a sitandade 1 ndi 2 anayenera kufika pa 9 Sepitembala, ndipo sanafike. Ana ayamba teremu atakhala pansi, ndipo inu mwayankha mafunso a makolo pa chinthu chimene sichinali m'manja mwanu. Kulakwa kumeneku ndi kwathu. Pepani kwambiri.

Tinagwiritsa ntchito matabwa osauma bwino, ndipo atayamba kupindika tinawazula onse kuti tiike ena. Sitinakonzekerenso mokwanira za kuzima kwa magetsi. Vuto la matabwali ndinaliona pa 2 Sepitembala ndipo ndinayenera kukudziwitsani tsiku lomwelo. Sindinatero, ndipo pa ichinso ndikupepesa.

Madesiki onse 40 afika pasukulu Lachisanu pa 19 Sepitembala nthawi isanakwane 12 koloko masana. Pakadali pano 26 atha, 14 akudikira vanishi, ndipo muli ndi ufulu wotuma munthu kudzaona. Lolemba pa 15 Sepitembala tibweretsa mabenchi 20 oti ana ayambe akhalira. Lendi yake ndi mayendedwe tilipira ife.

Kuti tonse tiwerengere pamodzi, masiku ali motere. Dipoziti inalowa pa 15 Julayi m'malo mwa pa 8, ndipo malinga ndi mgwirizano tsiku lopereka linasuntha kuchoka pa 29 Ogasiti kufika pa 5 Sepitembala, tsiku limene madesiki 80 anafika. Kufupikitsa madesiki 40 kumene munapempha pa 11 Ogasiti kunawonjezera masiku 4, monga tinagwirizana pa uthenga wa tsiku lomwelo. Kuchokera pa 9 kufika pa 19 Sepitembala ndi masiku 10, ndipo amenewa ndi athu. Tawawerenga ngati sabata ziwiri, choncho tichotsa K136,000 monga mgwirizano ukunenera.

Za thandizo la K5 miliyoni, ndamva chisoni kuti zinatero. Komabe sitinadziwitsidwe za ulendo wa mlendoyo kapena kuti thandizolo likudalira madesikiwa, ndipo mgwirizano wathu unaika kale chindapusa cha kuchedwa. Pa chifukwa chimenechi sitingathe kuvomera kuti ndalama yotsala isaperekedwe. Tikachotsa K136,000, yotsala ndi K3,944,000, yoyenera kuperekedwa pofika pa 3 Okutobala. Ngati zingathandize, ndine wokonzeka kulembera mlendoyo kalata yomufotokozera kuti kuchedwaku sikunali kwa sukulu.

Ngati pali tsiku limene mukuona kuti ndawerenga molakwa, chonde ndiuzeni tikhale pansi ndi mapepala. Ndidzabwera ndekha ndi madesikiwa Lachisanu.

Ine wanu mokhulupirika,

Pansi pake asaine mwini shedi, osati kalaliki kapena mnyamata wa ntchito.

Taonani kaye zimene zayamba ndi zimene zatsatira. Masiku 11 a sukulu ndi ochuluka kuposa masiku 10 a kalipentala, ndipo mtima umafuna kuyambira pamenepo: inuyo munachedwetsa dipoziti, inuyo munasintha muyeso. Kalata yoyamba motero ahedi saiwerenga mpaka pansi. Akafika pamzere wachiwiri amakhala atayamba kale kukonza yankho. N'chifukwa chake kalatayi yayamba ndi chimene chikuwawa munthuyo, yomwe ndi nkhani ya ana okhala pansi, n'kuvomera, n'kupepesa, kenako n'kunena tsiku ndi mabenchi. Pofika pandime ya masiku, wowerengayo walandira kale zinthu zitatu zimene amafuna, ndipo khutu lake latseguka. Onaninso kuti ndimeyo ilibe mawu akuti "munachedwa" kapena "munatisokoneza." Ikungoti dipoziti inalowa pa 15 m'malo mwa pa 8. Tsiku ndi tsiku basi, munthu sangakangane nalo, pamene mawu oloza chala amaitana mawu anzake.

Kupepesako nakonso kwaima pakokha. Pambuyo pa "pepani kwambiri" pali mpumiro, ndime n'kutha. Makalata ambiri amawonongeka ndi kamawu kakuti "koma" kobwera pompo: pepani koma magetsi, pepani koma inunso. Wowerenga amataya zonse zimene zili kumbuyo kwa "koma" n'kusunga zakutsogolo zokha. Enanso amalemba kuti "ngati mwakhumudwa, pepani," ngati kuti kukhumudwako n'kokayikitsa pamene munthu walemba tsamba lonse lokalipa. Palinso chizolowezi cholemba ngati zinthu zinangodzichitikira zokha: "panali zovuta zina ndi zina," "zinthu sizinayende bwino." Kasitomala akawerenga zimenezi amamva kuti pali chimene akubisiridwa, ndipo nthawi zambiri amaganiza choipitsitsa, kuti dipoziti yake inadyedwa. Kunena kuti "tinagwiritsa ntchito matabwa osauma bwino" kumachititsa manyazi pang'ono, koma kumachotsa maganizo akuti mwina ndinu wakuba. Ndipo chifukwacho chatenga mizere iwiri yokha. Ahedi safuna mbiri ya wogulitsa matabwa kapena dzina la mnyamata amene anapala. Kutchula wantchito wanu m'kalata yotere kumangoonetsa kuti pashedipo palibe mwini.

Pano ndinenepo za maliro. Maliro ndi chifukwa chimene Mmalawi aliyense amachilemekeza, ndipo n'chifukwa chake amisiri ena achigwiritsa ntchito mpaka chatha mphamvu. Ngati kunalidi zovuta ndipo zinaimitsa ntchito masiku awiri, nenani masiku awiriwo. Musakwirire nawo sabata zitatu. Makasitomala amakhala m'dera lomwelo, amapemphera ndi abale anu, ndipo amafunsa.

Mzere wovomera kuti vuto linaoneka pa 2 Sepitembala ndi umene ambiri angafune kufufuta, koma ndi umene uli ndi choonadi chachikulu pa nkhani yonseyi. Chimene chinapweteka sukulu kwambiri ndi kukhala chete kwa kalipentala. Pa 5 Sepitembala, potsitsa madesiki 80, iye anangoti otsalawo abwera sabata ya mawa, akudziwa kuti matabwa ali chizulire. Ahedi akanauzidwa pa 2, akanabwereka mabenchi sukulu isanatsegulire, mwinanso akanasuntha tsiku la mlendo uja. Kalata yochenjeza katundu asanachedwe imakhala ya mizere isanu ndipo siifuna chindapusa chochuluka. Yolemba zinthu zitaipa kale ndi iyi ya tsamba lathunthu.

Tsiku latsopano lifunika kulisamala kuposa china chilichonse m'kalatamo. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo lonjezo lachiwiri ndi loopsa kuposa loyamba, chifukwa likaphonyeka palibenso kalata imene ingakonze. Kalipentala wathu akuwerengera kuti vanishi womaliza apakidwa pa 16 ndipo pa 17 adzakhala atauma. Mtima wofuna kusangalatsa ungamuuze kuti alembe 17. Iye walemba 19, kusiya masiku awiri a magetsi, mitambo kapena lole yokana kulira. Walembanso ola, ndi chiwerengero cha zimene zatha, 26 ndi 14, chimene munthu angabwere kudzawerenga ndi maso. Mawu ngati "posachedwapa" kapena "kumathero a sabata ya mawa" alibe malo m'kalata yotere. Amangokhala "mawa, bwana" wovala jekete.

Pali chifukwa cha malamulo chimene tsikuli lisamaseweredwe. Makhoti a ku Malawi amatsata kwambiri mfundo za malamulo a mapangano zochokera ku Mangalande, ndipo kumeneko kunali mlandu wa kampani ya Charles Rickards ndi munthu wina dzina lake Oppenheim. Iye anaitanitsa kuti amupangire bodi ya galimoto ya Rolls-Royce, yoti ithe pofika mu Malichi 1948. Siinathe, ndipo anapitiriza kudikira ndi kukumbutsa. Mu Juni analemba kuti akupereka sabata zinayi zokha, zikadutsa salandiranso. Galimotoyo inatha mu Okutobala, iye n'kuikana, ndipo mu 1950 khoti la apilo linati anali ndi ufulu wokana. Phunziro lake kwa wamalonda ndi lakuti kasitomala amene wakupirira ulendo woyamba sanataye mphamvu zake. Akhoza kuika tsiku lomaliza loyenerera, ndipo likadutsa akhoza kukusiyira katundu wako m'manja. Madesiki 40 ofupikitsidwa a sitandade 1 si katundu woti ungagulitse msanga kwina.

Tifike pandime yokana, imene ndi yovuta kulemba kwa munthu woleredwa mwaulemu. Kodi si nkhanza kuuza sukulu imene yataya K5 miliyoni kuti iwe upereka K136,000 yokha? Funso limeneli makhoti analiyankha kalekale, ndipo mlandu wake unali wa chigayo. Mu 1853, mumzinda wa Gloucester ku Mangalande, shafiti ya chigayo cha a Hadley inathyoka. Anaipereka kwa kampani yonyamula katundu, imene mmodzi mwa eni ake anali Baxendale, kuti ipite ku Greenwich amisiri akaonerepo popanga yatsopano. Onyamulawo anachedwa nayo masiku angapo, chigayo chili chiimire, ndipo eni chigayo anakasuma kuti abwezeredwe phindu la masiku amenewo. Mu 1854 khoti linagamula kuti wophwanya pangano amalipira zotayika za mitundu iwiri: zimene mwachibadwa zimatsatira kuphwanya kotero, ndi zimene mbali zonse ziwiri zinkazidziwa popangana. Oweruza anaona kuti onyamulawo sakanadziwa kuti chigayo chonse chikudikira shafiti imodziyo, poti eni zigayo ena amasunga yapadera. Phindu lotayikalo silinawagwere.

Tikabwera nayo kusukulu kuja, mfundoyi ikugawa zinthu bwinobwino. Kalipentala aliyense amadziwa kuti madesiki akachedwa ana asowa pokhala, ndipo sukulu ingawononge ndalama kubwereka mabenchi. Chimenecho ndi chake, n'chifukwa chake walipira mabenchi mosachita kuuzidwa. Koma zoti pa 10 Sepitembala kubwera mlendo amene thandizo lake likudalira zimene aone m'kalasi, palibe anamuuza pa 1 Julayi. Akanauzidwa, mwina akanayamba ndi madesiki a ana aang'onowo, kapena akanakweza mtengo kuti agule jenereta, kapena akanaikana ntchitoyo. Kumusenzetsa lero katundu amene sanamuonetse popangana si chilungamo. Pamwamba pa izi, mbali ziwirizi zinagwirizana kale mtengo wa kuchedwa, ndipo ntchito ya mfundo yotere mumgwirizano ndi yoti pasadzakhale kukokanakokana tsiku loipa likafika.

Kukanako kwalembedwa kamodzi, ndi chifukwa chake, ndi ndalama yake, ndi tsiku lake. Sikunabwerezedwe ndipo sikunaopseze za maloya. Wolemba akayamba kuti "mwina tingaone," "tikambirana," pa chinthu chimene mumtima watsimikiza kuti sapereka, amangosunthira mkangano kutsogolo, ndipo ukadzabweranso adzaoneka ngati wabweza mawu. Khomo limene lasiyidwa lotsegula ndi limodzi lokha, la kuwerenga masiku. Kumeneko ngati ahedi ali ndi pepala losonyeza kuti dipoziti inalowa pa 12 osati pa 15, kalipentala ayenera kuvomera n'kukonza masamu. Lonjezo lolembera mlendo uja silimudyera ndalama, koma kwa ahedi likhoza kukhala lamtengo kuposa K136,000, chifukwa chimene akuopa kwenikweni ndi kuoneka osalongosoka pamaso pa eni sukulu.

Nanga ngati munalibe mgwirizano wolemba, monga zimakhalira pa maoda ambiri a telala, osindikiza makadi a ukwati kapena owotcherera mageti? Kuwerenga masiku kumachitikabe, kuchokera pa kotesheni, risiti ndi mauthenga a pafoni. Chimene chimasowa ndi chindapusa chogwirizana kale, ndiye muyenera kuchipeza nokha. Poyambira pabwino ndi kufunsa kuti kuchedwaku kwamudyera chiyani kasitomala chimene mungachiloze ndi chala: galimoto imene anabwereka n'kubwerera yopanda kanthu, mlonda amene analemba chifukwa geti kulibe. Bwezani chimenecho. Musatchule ndalama musanawerenge phindu lanu pa odayo, ndipo kumene kungatheke perekani ntchito m'malo mwa ndalama, monga kunyamula kwaulere kapena kudzakonza zowonongeka kwa teremu imodzi. Chinthu chimodzi chokha musachiyerekeze: kukweza mtengo m'kalata yopepesa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anapezeka kuti mtengo umene anapangana sukukwaniranso kugula zipangizo. Imeneyo ndi nkhani yoona, koma ili ndi kalata yakeyake ndi tsiku lakelake. Ikalowa m'kalata yopepesa, kasitomala amaona ngati kuchedwa konse kunali njira yomufinyira ndalama.

Kumbukiraninso kuti kalata imakhalitsa kuposa mkwiyo. Zinthu zikafika kukhoti, kapena kasitomala akakadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, pepala limeneli lidzawerengedwa ndi anthu amene sakukudziwani. Ichi si chifukwa choopera kupepesa. Ndi chifukwa cholembera zoona zokhazokha, ndi kupewa mawu okokomeza ngati "zonse ndi ife, tilipira chilichonse chimene mwataya," amene munthu amalemba usiku chifukwa cha manyazi n'kudzawapeza atamuimirira pamaso pa woweruza. Ngati ndalama imene akukufunsani ingagwetse bizinesi yanu, muonetseni loya kalatayo isanapite. Kumulipira kuti awerenge tsamba limodzi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumulipira kuti akuimireni pamlandu.

Kaperekedwe kake kasakhale kongoponya. Munthu wamkulu ngati mphunzitsi wamkulu sayenera kumva nkhani yotere koyamba kudzera pa pepala lobwera ndi wanjinga. Imbani kaye foni, nenani mwachidule kuti mwalandira kalata yawo, mwalakwa pa madesiki 40, ndipo mukubweretsa yankho lolemba. Pafonipo musakambe za ndalama, chifukwa ndi pamene anthu amalonjeza zimene sanawerengere. Kalatayo musindikize ziwiri, ina asainire ndi kudinda kuti alandira, mubwerere nayo. Kutumizanso chithunzi chake pafoni kumathandiza kuti tsiku lidziwike, koma sikulowa m'malo mwa kufika nokha.

Kalata ikapita, mabenchi afike Lolemba monga mwalembera, chifukwa ahedi adzayesa lonjezo la Lachisanu poona la Lolembalo. Ndipo ngati pofika pa 16 mwaona kuti vanishi sakuuma kapena lole yakukhumudwitsani, musadikire kuti Lachisanu likwane muli chete. Imbani tsiku lomwelo, nenani madesiki amene ali okonzeka, ndipo muwatumize amenewo pa 19 ngakhale akhale 34.